Mwina Ndine Ndalakwitsa

Dzina lawo lenileni lilipo, linalembedwa pa satifiketi imene inkapachikika pamwamba pa firiji ya mankhwala, koma chipatala chonse chinkawadziwa kuti a Mwina. Anamwino ankati, "Kafunseni a Mwina." Alonda a pageti ankati, "A Mwina afika kale." Ngakhale amuna awo, bambo wokonza mabasi wa nthabwala zosatha, ankauza aliyense kuti tsiku limene anawafunsira ukwati anayankhidwa kuti mwina, ndipo mpaka pano akudikirabe yankho lenileni, ana atakula kale.

Ine ndinali wothandizira wawo ku famase kwa zaka makumi awiri. Iwo ndiwo anali katswiri wa mankhwala komanso mkulu wa chipindacho. Ine ndinkatsitsa mabotolo pa shelefu, kuwerenga mapiritsi, kumata timapepala pa timatumba ndi kukapereka makalata. Ndine munthu wa pakamwa, ndivomereretu, ndipo nkhaniyi ndikuifotokoza mtima ukuwawabe.

Anali mayi wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi ndi nsapato zafulati zimene amuna awo ankazimata ndi guluu wa matayala. Ntchito anaiyamba ngati wotsuka mabotolo, akadali mtsikana, kenako anabwerera kusukulu ali ndi mwana kumsana, n'kudzakhala chimene anakhala. Sankadya atakhala pansi. Pepala lililonse la dokotala ankaliwerenga kawiri, koyamba ndi maso, kachiwiri ndi chala, ndipo akafika pa zaka za wodwala ankadzutsa mutu n'kumuyang'ana munthuyo pazenera, ngati akufuna kuona ngati pepala likunena zoona.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya ku famase ndi kutola mapiritsi n'kupereka, ngati wogulitsa mchere. Ayi. Wa ku famase alibe mphamvu yosintha zimene dokotala walemba, koma akapereka chinthu choipa akuchiona, mlandu umamukhudzanso. Ndiye pepala likamukayikitsa ali ndi njira ziwiri zokha: kufunsa, kapena kukana. Pachipatala pathu panalinso buku lakuda lolembamo zolakwika, limene akuluakulu ankaliwerenga kutha kwa mwezi, ndipo dokotala wolembedwa m'menemo ankaitanidwa ku ofesi.

A Mwina bukulo ankalikhudza mwa apo ndi apo. Iwo ankakonda kalata. Ankatenga pepala loyera, n'kulemba bwinobwino chimene chawakayikitsa, ndipo pakati penipeni, osaphonya, pankakhala mawu awo aja: "Mwina ndine ndalakwitsa." Ankalipinda patatu n'kundipatsa. Dokotala ankayankha m'munsi mwa kalata momwemo, kusaina, kukonza pepala la mankhwala ngati pali chokonza, ine n'kubwerera nazo zonse. Kalata yosainidwayo ankaiponya m'chitini cha mabisiketi pansi pa kauntala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine zinkandinyansa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amnzanga, mukudziwa bwino kuti simunalakwitse, nanga mwina ameneyu ndi wa chiyani?"

"Bongololo sadzolera mafuta pagulu," anandiyankha akupukuta magalasi. "Munthu ukamutsekereza pakona amayamba kuteteza nkhope yake, wodwala n'kuiwalika. Mwina wangayu ndi khomo. Ndimamusiyira potulukira, akonze mwaulemu, wodwala apite kwawo wamoyo. Ine nkhope ya dokotala ndikaphike?"

Amene ankatulukira pakhomo limenelo kuposa wina aliyense anali adokotala a m'chipinda chachitatu. Anabwera pachipatala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, atangomaliza sukulu, jekete loyera likuwakhuthukira. Sabata yawo yoyamba anaika kadontho pamalo polakwika polembera khanda mankhwala, mlingo n'kukula kakhumi. A Mwina anagwira, analemba kalata, buku lakuda osalitsegula. Masana ake munthuyo anatulukira kukhomo lathu lakuseri, ndipo ine ndinalipo pamene ananena kuti, "Mayi, wakutsina khutu ndi mnansi. Kuyambira lero ndinu achemwali anga."

Ndipo zinakhaladi choncho. Iwo achemwali, iwo achimwene. Teni koloko iliyonse adokotalawo ankabwera kudzamwa tiyi atakhalira katoni ya madzi a diripi, ndipo anali ndi kapu yawoyawo pa shelefu yathu, yobiriwira, yobenthuka pamlomo. Akazi awo atagona m'wodi miyezi iwiri, a Mwina ndiwo ankakawasambitsa asanatsegule famase. Sindinganame kuti anali dokotala woipa. Odwala ankawakonda, matenda ankawadziwa, ankaona anthu makumi asanu ndi atatu pa tsiku osakalipira ndi mmodzi yemwe. Vuto lawo linali phuma, ndi zolemba ngati nkhuku yapalasa. M'chitini muja, pa makalata atatu alionse awiri anali awo, ndipo m'munsi ankakonda kulemba kuti, "Mwandipulumutsanso, achemwali."

Wodwala wa nkhaniyi tinkamutchula kuti agogo a mawotchi, chifukwa moyo wawo wonse anakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, owonda ngati ndodo yawo yomwe, ndipo mtima wawo unkagunda mosalongosoka. Ankabwera mwezi ndi mwezi ndi mwana wawo wamkazi, mayi wosoka zovala. Akafika pazenera ankayamba ayang'ana wotchi yathu yapakhoma n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga," ankatero kwa a Mwina, "wotchi yanuyi yatsala ndi mphindi zinayi. Ili ngati mtima wanga, ikungoyenda mwa chifundo."

Tsikulo linali Lachisanu masana, mzere utafika mpaka pa masitepe. Mwana wa agogo anapereka pepala ndi kabuku ka kuchipatala. A Mwina anawerenga ndi maso, anawerenga ndi chala, ndipo chala chinaima. Anatsegula kabuku, n'kuona zotsatira za magazi za m'mawa womwewo. Kenako anauza agogo kuti akhale kaye pabenchi, anaimba foni ya m'chipinda chachitatu kawiri osayankhidwa, n'kukoka pepala loyera.

Kalatayo ndinaiwerenga poyenda, monga ndinkachitira ndi onse, ndipo pambuyo pake ndinaimva ikuwerengedwa mokweza, choncho ndimaikumbukira. Inati:

"Achimwene adokotala, ndalandira pepala la bambo awa, a zaka 84, olemera makilo 46. Mwawalembera mankhwala a mtima a digokisini, mlingo wa 250 tsiku lililonse, pamene miyezi yonseyi akhala akumwa 125. Zotsatira za lero zikuonetsa kuti impso zawo zafooka kuposa mmene zinalili miyezi itatu yapitayo, ndipo mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Akumwanso mapiritsi okodzetsa, amene amatsitsa mchere wa potaziyamu, ndipo mcherewu ukatsika digokisini amavulaza msanga. Ndikuopa kuti angaunjikane m'thupi mwawo. Mwina ndine ndalakwitsa, kapena pali chifukwa chimene sindikuchidziwa. Kodi mungalole kuti akhalebe pa 125, tiyeze kaye potaziyamu? Mankhwala ndawasunga mpaka nditamva kwa inu. Ndine mlongo wanu ku famase."

Muuzeni munthu wina aliyense awerenge kalata imeneyo, anene ngati pali posamveka.

M'chipinda chachitatu ndinapeza adokotala akupima mwana wolira, mayi wina ataima kale pakhomo ndi kabuku m'manja. Anaitambasula kalata ndi dzanja limodzi, maso anathamanga pamwamba pake, n'kuseka pang'ono.

"Achemwali ndi mantha awo! Mtima wa gogoyo ukuthamanga ngati wakuba, mlingo wakalewo sukuugwira. Kawauzeni ndaona, apereke monga ndalembera. Abwerenso Lachisanu tidzayeze magazi."

"Ndiye mulembe pamunsipo, adokotala, musaine."

"Aaa, mayi, mzerewu simukuuona? Ndisaina Lolemba. Ine ndi achemwali tinayamba lero?"

Anaipinda kalata n'kuiika m'thumba la jekete. Cholembera sanachigwire n'komwe. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndidzazinena mpaka tsiku londiika m'manda.

Ndinabwerera chimanjamanja n'kufotokoza mawu onse mmene ndinawamvera. A Mwina anayang'ana agogo pabenchi. Anaimbanso foni, sinayankhidwe. Mlingo wa 250 si wachilendo, anthu ambiri amamwa, dokotala anali atauzidwa ndipo anali atapereka chifukwa chake. Mapiritsi a agogo kunyumba anali atatha, mawa lake kunali kotseka, ndipo mwana wawo ankayang'anayang'ana panja kuopa kuphonya basi. Pa zaka zonse zija a Mwina anali asanaperekepo mankhwala okayikitsa popanda siginecha. Tsiku limenelo anapereka, chifukwa amene ananena anali achimwene awo.

Komabe sanapereke a mwezi wonse. Anawerenga mapiritsi asanu ndi awiri okha, n'kumuitanira mwana wa agogo pambali.

"Mayi, mvetserani. Bambo akayamba nseru kapena kusanza, akakana chakudya, akamaona zinthu zachikasu kapena kusokonezeka mutu, asamwenso, mubwere nawo tsiku lomwelo. Musadikire Lachisanu."

Mayiyo anavomera ndi mutu. Agogo anadzuka ndi ndodo yawo, anatsazika, n'kutikumbutsanso za mphindi zinayi zija.

Lolemba adokotala anabwera ku tiyi monga mwa masiku onse. A Mwina anafunsa za kalata, iwo anagwira m'thumba n'kunena kuti jekete lija alisiya kochapa, abwera nayo mawa. Lachiwiri anati aiwala. Lachitatu a Mwina anachita manyazi kufunsa kachitatu munthu akumwa tiyi wawo. Paja amati manyazi anapha lambe.

Lachinayi m'mawa agogo a mawotchi anabwera atanyamulidwa. Anali atasanza masiku awiri, koma mwana wawo anali ndi madiresi a ukwati wa anthu oti amalize, ndipo mnansi amene ankawayang'anira masana anaganiza kuti adya choipa. Ankanena kuti magetsi onse a m'wodi avala zipewa zachikasu, ndipo mwana wawo yemwe ankamutchula dzina la mkazi wawo amene anamwalira kalekale. Mtima unkagunda ka 38 pa mphindi. Magazi atayezedwa, digokisini anali atakwera kwambiri, potaziyamu ali pansi, ndendende mmene kalata inanenera. Anawasiyitsa mankhwalawo, anawaika diripi ndi makina oyang'anira mtima, ndipo anagona m'wodi masiku khumi ndi limodzi. Anatuluka amoyo, koma pa njinga ya odwala, ndipo sanayendenso okha.

Kuyambira Lachinayi limenelo kapu yobiriwira inakhala pa shelefu osatsitsidwa. A Mwina ankaikabe madzi a anthu atatu m'ketulo. Ine ndinati munthuyu akutithawa, iwo anati, "Mwina watanganidwa." Anapita okha kuchipinda chachitatu kawiri, n'kupeza akuti ali ku msonkhano.

Mwana wa agogo anadandaula ku ofesi, ndipo anachita bwino, ndikanakhala ine ndikanagwetsa denga. Patatha masabata atatu tinaitanidwa m'chipinda cha misonkhano, cha tebulo lalitali ndi fani yolira. Kumtunda kunakhala mkulu wa chipatala, mkulu wa anamwino, ndi bambo wina wa tayi wochokera ku bungwe limene limapereka zilolezo kwa a ku famase. Aliyense ankadziwa chimene bambo ameneyo anadzera. Chilolezo cha a Mwina, chimene anachipeza ndi mwana kumsana, chinali patebulo pamenepo.

Popita, a Mwina anandigwira mkono m'khonde. "Musakalankhule mokalipa, amnzanga. Achimwene akanena zoona, ine ndinena zanga, aliyense asenze mbali yake." Ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo anali atavala diresi lawo labwino.

Adokotala analowa atameta bwino, sanatiyang'ane. Atafunsidwa ngati analandira kalata yochokera ku famase, anati inde, n'kuitulutsa mu fayilo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati m'mimbamu, mayiwa ananena zoona, ine ndi amene ndili ndi mtima woipa.

Mkulu wa chipatala anaiwerenga mokweza mpaka pa "mlongo wanu ku famase." Kenako anapitiriza, chifukwa m'munsi munali mawu ena, a zolemba za nkhuku zija: "Ndavomereza, akhalebe pa 125." Siginecha inalipo, ndi tsiku la Lachisanu lija.

Ndinayang'ana a Mwina, iwo anali atavula magalasi, akungoyang'ana pepalalo ngati munthu woona nyumba yake ikupsa.

"Ndinavomereza nthawi yomweyo," anatero adokotala ndi mawu ofatsa, kenako anandiloza. "Ndinawauza mayi awa kuti gogoyo akhalebe pa mlingo wakale. Ndisanamalize kulemba, iwo anali atatuluka kale. M'chipindamo munali phokoso, mwana ankalira. Sindikuwanena ayi. Mwina sanamve bwino."

Mwina! Mawu omwe aja. Khomo limene mayi uja anamutsegulira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kuti azitulukirapo ndi nkhope yake, munthuyo analitenga n'kutimenya nalo kumaso.

Ine ndinaimirira, mpando unagwa. Ndinanena kuti ndi bodza, kuti cholembera sanachigwire, kuti kalata inalowa m'thumba yopanda kanthu m'munsi. Ndinanenanso zina zimene sindingazilembe pano. Mkulu wa chipatala anandiuza kuti ndikhale pansi kapena nditulutsidwe. Bambo wa tayi uja anamwetulira pang'ono n'kunena kuti, "Paja kandimverere anakanena za m'maluwa." Ndinaona mmene zinthu zikupendekera: dokotala ali ndi pepala losainidwa, ine ndili ndi pakamwa pokha, ndipo pakamwa pake pangotukwana kumene. Woti achotsedwe ntchito anali atapezeka: ineyo, wotsika mtengo kuposa onse m'chipindamo.

Pamenepo a Mwina anavala magalasi awo n'kupempha kulankhula.

"Mayi awa ndagwira nawo ntchito zaka makumi awiri, sananditengerepo uthenga wopotoka. Zimene anandiuza tsiku lija ndikuzikhulupirira lero monga ndinazikhulupirira pamenepo. Koma musavutike nawo. Pepala la mankhwala limene ndinali nalo linali la 250, losakonzedwa. Ndinaona kuti ndi loopsa, ndinalemba ndekha kuti ndi loopsa, ndipo ndinapereka popanda yankho lolembedwa. Ndikanatha kukana. Ndikanatha kutseka zenera n'kuyenda ndekha kukaima pakhomo pawo. Dzanja limene linapereka ndi ili."

Bambo wa tayi anafunsa chifukwa chake sanalembe m'buku lakuda, ndiponso chifukwa chake kalata yonena za chinthu choopsa chotere inali ndi mawu okayikira. "Ngati munali otsimikiza, mayi, bwanji munalemba kuti mwina ndinu mwalakwitsa?"

A Mwina anatembenuka n'kuyang'ana adokotala. Ndikuganiza kuti ankadikira kuti munthuyo anene yekha tanthauzo la mawu amenewo, popeza panalibe wina padziko amene ankalidziwa kuposa iye. Adokotala ankawongola ngodya ya fayilo yawo ndi chala.

"Unali ulemu chabe," anatero a Mwina.

Chigamulo chinabwera patatha sabata. Adokotala analangizidwa pakamwa kuti azikonza pepala la mankhwala lenilenilo akasintha maganizo. Ine ndinapatsidwa kalata ya chenjezo chifukwa cha mpando uja. A Mwina chilolezo sanalandidwe, koma analembedwa chenjezo lokhala mu fayilo yawo ku bungwe, anachotsedwa pa ukulu wa famase, n'kutumizidwa kuchipinda chosungira katundu kuseri, kopanda zenera, kukayang'ana masiku otha ntchito a mankhwala. Pazenera la odwala ankaloledwa kuima ola limodzi lokha masana, mkulu watsopano akapita kukadya.

Madzulo a tsiku limenelo, tikutseka, ndinakoka chitini cha mabisiketi n'kuchimenyetsa pa kauntala.

"Izi! Makalata oposa zana a munthu mmodzi, onse osainidwa, onse akuti mwandipulumutsanso. Tiyeni nawo ku ofesi, akaone amene samva bwino."

"Akaone chiyani?" anandifunsa. "Akaona kuti ankalakwitsa n'kumakonza. Akaonanso kuti ine ndinabisa zaka zonsezi osalemba m'buku. Bodza la Lachisanu lija mulibe m'chitinimu."

"Ndiye angopita choncho?"

"Chikundiwawa si mpando wa ukulu, amnzanga," anatero. "Akazi ake ndinawasambitsa ndi manja awa. Akanangobwera kukhomo lakuseri ngati kale, n'kunena kuti achemwali ndalakwitsa, ndikuopa, tikanasenzerana. Koma anakhala pansi, anatenga cholembera, n'kulemba tsiku labodza pansi pa dzina langa. Anali ndi masabata atatu oti aganize."

Analira pang'ono, atafulatira, akunamizira kusanja mabotolo. Ine ndinalira mokweza chifukwa sindidziwa kulira kwina.

Panali chinanso chowadikira. Mwezi wotsatira mwana wa agogo anabwera yekha kudzatenga mankhwala, ndipo tsoka ilo, inali nthawi ya masana, a Mwina ali pazenera. Mayiyo atawaona anabweza pepala lake pachifuwa.

"Ndidikira winayo. Ku ofesi anandiuza zonse, kuti adokotala anakonza koma inu munapereka zanu. Bambo ankakutchulani mwana wawo, inu."

Ine ndinatsegula pakamwa, a Mwina anandiponda phazi. Anangofunsa kuti, "Bambo ali bwanji?" Mayiyo anakakhala pabenchi mphindi makumi anayi mpaka mkulu watsopano atabwera. Agogo a mawotchi anamwalira miyezi isanu pambuyo pake. Palibe angalumbire kuti anawapha ndi mapiritsi aja, anali okalamba ndipo mtima unali wotopa kale. Koma anapita akudziwa zimene anauzidwa, ndipo a Mwina ku maliro sanayerekeze kupita.

Patapita nthawi, tsiku lina masana, pazenera panafika gogo wina wamkazi wa bandeji pachipumi. Pepala lake linali la m'chipinda chachitatu: mapiritsi ogonetsa, mlingo wa munthu wa mphamvu zake, kwa mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu amene kabuku kake kankaonetsa kuti wagwa kawiri chaka chomwecho. Chala cha a Mwina chinaima. Anamukhazika gogoyo pabenchi, anakoka mapepala awiri n'kuika kaboni pakati.

Ndinasuzumira paphewa pawo. Pamwamba analemba kuti "Kwa Dokotala, chipinda chachitatu." Anatchula zaka, kugwa kuja, ndi kuopsa kwa mlingowo, m'mizere inayi. Mzere womaliza unati: "Mlingo uwu sindipereka." Kenako anatsitsa buku lakuda, anapukuta fumbi ndi chigongono, n'kulembamo.

Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire kalata monga mwa kale, koma anandikaniza. Anatseka zenera, anthu akung'ung'udza pamzere, anatsitsa kapu yobiriwira pa shelefu n'kunyamuka. Ine ndinawalondola, ndani akanatsala?

Adokotala anadzidzimuka atationa. Anawerenga kalatayo pang'onopang'ono, kawiri. Anakonza pepala, n'kuyang'ana kukhomo ngati pali womvera.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "zikomo. Ine nkhani ija imandisowetsa tulo. Mumvetse, akanandichotsa, ana ali pasukulu. Ndinadziwa kuti inu sangakuchotseni, mwakhalitsa. Tipeze nthawi tikambirane ngati abale."

A Mwina anaika kapu ija patebulo, pambali pa makina opimira magazi.

"Iyi ndi yanu, adokotala. Sainani apa ndi apa, mulembe tsiku ndi nthawi. Nthawi yake muonere pa wotchi ya mayi awa, ndiwo mboni."

Anasaina. A Mwina anatenga pepala lawo, anasiya linalo, ndipo tinabwerera kukatsegula zenera. Gogo uja analandira mankhwala ake a mlingo wochepa, anauzidwa kuti akadzuka pabedi ayambe akhala kaye pansi asanaimirire, n'kupita kwawo.

A Mwina akadali kuchipinda chosungira katundu, atsala ndi zaka ziwiri kuti apume. Makalata amalembabe, aulemu ndithu, a moni ndi zikomo, koma onse ndi a kaboni ndipo onse amalowa m'buku. Madokotala amawaopa tsopano, ndipo ku famase kulibenso amene amabwera kudzamwa tiyi. Dzina lokha ndi limene linakana kuchoka. Mwezi watha namwino wina watsopano anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Kodi mayi aja amawatchuliranji a Mwina? Ine chibwerere sindinawamvepo akunena mawu amenewo."